Timabokosi Titatu ta Elenala

Mukafika kumunsi kwa Likangala nyengo yowoka mpunga n'kufunsa za mayi amene anagwirako kompyuta, aliyense akulozerani Elenala Makisoni. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okhuthala, wosakonda moni wautali. Anthu amati anachotsedwa ntchito ku Zomba chifukwa cha umbuli, ati anawononga buku la munthu wophunzira posadziwa makina. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Elenala anawononga bukulo akudziwa, maso ali gwa, ndipo mukamufunsa sapepesa.

Nkhani yake inayamba asanathe n'komwe msinkhu. Bambo ake, a Bizweki, anali mlimi wa mpunga, Mlomwe amene agogo ake anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique. Anali munthu wofatsa mopitirira muyeso, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Tsiku lina mng'ono wake wa Elenala, dzina lake Emma, anadzuka thupi lili moto, ndipo dzuwa lisanakwere anayamba kukomoka. A Bizweki anam'bereka kumbuyo ndi chitenje, Elenala n'kukhala pakaliyala ya njinga kuti azigwira timiyendo ta mwanayo, ulendo wa kuchipatala.

Pafupi ndi msika anapeza chingwe chitamangidwa chopingasa msewu. Zaka zimenezo munthu sumadutsa chingwe wopanda khadi lachipani. A Bizweki khadi anali nalo, koma linatsala m'thumba la malaya ena, poti munthu wothawitsa mwana wodwala sasankha malaya. Amene anawaimitsa anali Medson Jafeti, mwana wa aphunzitsi, mnyamata wongomaliza kumene Folomu 4, wotchi ili ng'aning'ani pamkono. A Bizweki anagwada pafumbi, munthu wamkulu kugwadira mwana, n'kumuonetsa Emma.

"Bwererani mukatenge khadi," anatero Medson. "Chipatala sichithawa."

A Bizweki anatsitsa anawo pansi pa mtengo wa mango kuti njinga ipepuke, n'kupalasa kubwerera kumudzi. Elenala anakhala pamenepo atafungatira Emma, akuyang'ana Medson akusenda nzimbe ndi mano, akuseka ndi anzake. Anamuyang'ana mokwanira, mpaka kachipsera ka pachibwano pake. Pamene a Bizweki amabwera ndi khadi lija m'manja, thukuta lili chuchuchu, Emma anali atazizira kale pamiyendo pa mkulu wake.

Pamaliro anthu anati ndi malungo. Akanati chiyani? Masiku amenewo ngakhale udzu umamva. A Bizweki sanatchulepo dzina la Medson mpaka tsiku la imfa yawo. Koma Elenala sanali bambo ake. Iye anali wa mtima wosunga, ndipo ankadana ndi Medson Jafeti ndi chidani chenicheni, chija chimakudzutsa m'mawa n'kukuperekeza kuchitsime. Kutchalitchi akamalalikira za kukhululuka, iye ankawerenga malata a padenga.

Sukulu anafika nayo Folomu 2. Mpunga utachita bwino chaka china, a Bizweki anamutumiza ku Zomba kukaphunzira kutayipa, ndipo anapeza ntchito kwa a Mussa, bambo wa kapu yoyera amene anali ndi kaofesi kotayipira anthu makalata ndi kujambula mapepala. Anagwira pataipilaita zaka zambiri, zala mpaka kuchita zikang'a. Mu 1992 a Mussa anagula kompyuta ndi pulinta kwa mzungu wina amene amabwerera kwawo, ndipo ntchito za ophunzira a m'makoleji zinayamba kubwera mulumulu.

Musaganize kuti Elenala anali katswiri wa makinawo, iyayi. Ankawaopa, ankawafunditsa nsalu ngati mwana wakhanda, ndipo zambiri anazidziwa pochita kulakwitsa. Cholakwa chake chachikulu chinali chotere. A Mussa anamusonyeza kakonzedwe ka kabuku ka nyimbo ka kwaya ina, kosindikiza mbali zonse ziwiri za pepala. Pa kabuku kotero umachonga timabokosi titatu. Koyamba kamauza makina kuti tsamba loyamba lisafanane ndi anzake, likhale lopanda nambala. Kachiwiri kamalekanitsa masamba a 1, 3, 5 ndi a 2, 4, 6, kuti gulu lililonse likhale ndi malo akeake olembapo nambala. Kachitatu kamatembenuza mpata wa m'mbali, kuti mpata waukulu uzikhala kumanzere pa tsamba la 1 koma kumanja pa tsamba la 2, poti m'buku la mbali ziwiri msana umakhala pakati.

Atamaliza kabukuko kunabwera namwino ndi lipoti lake. Elenala, pofuna kufulumira, anatsegula fayilo ya nyimbo ija, n'kufufuta mawu onse, n'kutayipa lipotilo momwemo. Mawu a nyimbo anachoka, koma timabokosi tinatsala tili tochonga, ndipo pagalasi la kompyuta, m'kaonekedwe kamene iye ankatayipira, manambala ndi mipata ya m'mbali sizinkaoneka. Lipoti linatuluka lopotoka, masamba ena atakankhikira kumanzere, ena kumanja. A Mussa anakalipa mpaka ogulitsa nthochi panja anasuzumira pawindo. Elenala analira ndi manyazi tsiku limenelo, ndipo timabokosi timeneto sanatiiwalenso.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, kunalowa bambo wa jekete lotuwa, kamimba katayamba kutsogola, atanyamula mulu wa mapepala olembedwa pamanja. Elenala anaona kachipsera ka pachibwano asanamve n'komwe dzina. Koma Medson anamuyang'ana monga muja munthu amayang'anira mpando, n'kumutcha "sisi", n'kufunsa ngati angathe kuwerenga Chingerezi chovuta.

Anali atakhala mlangizi wa zaulimi, ndipo tsopano ankamaliza digiri yachiwiri pa koleji ina. Mapepalawo anali thesisi yake, buku lalikulu limene wophunzira amalemba kuti apatsidwe digiriyo. Linali lonena za mpunga wa Faya ndi madzi a nyanja ya Chilwa. Iye mwini, pofuna kuti a Mussa adziwe kulemera kwa munthu amene wawalowera, anafotokoza zonse. Mabuku atatu omata bwino anayenera kufika kukoleji pofika Lachisanu lomaliza la mwezi, masana asanakwane, chifukwa woyesa wochokera kunja amanyamuka nawo tsiku lomwelo. Wochedwa amadikira chaka chamawa. Ndipo panali mpando wa mkulu wa pulojekiti ina ya zaulimi umene unkangodikira pepala limeneli.

Anasiyanso pepala la malamulo a kolejiyo. Kusindikiza mbali imodzi yokha. Mpata waukulu kumanzere pa tsamba lililonse, kuti womata apeze posoka. Nambala pa tsamba lililonse kupatula la pamwamba lokha.

Elenala anatayipa bukulo masabata angapo, ndipo analitayipa bwino, abale. Medson akabwera kudzaona, ankapeza masamba oyera, manambala ali m'malo mwake, matebulo owongoka. Ankakonza apa ndi apo ndi bolopeni yofiira, n'kuyamikira kuti mtsikanayu ali ndi mutu. Nthawi yonseyi Elenala ankadikira chinthu chimodzi. Pa risiti iliyonse ankalemba dzina lake lonse ndi zilembo zikuluzikulu, Elenala Bizweki Makisoni. Tsiku lina anachita kutchula dzina la msika uja, kuti kwawo n'kufupi ndi kumeneko. Medson anangoti eya, kumeneko kuli matemba abwino. Munthuyo samakumbuka kanthu, ndipo zimenezi zinamupweteka Elenala kuposa kachipsera kaja. Iye wasenza Emma moyo wake wonse, wopalamula mwiniwake akugona tulo tofa nato!

Anaganizapo zambiri. Kufufuta fayilo yonse, koma Medson anali ndi diski yake. Kusintha manambala a m'matebulo, koma zikanaoneka patapita miyezi, mwinanso osaoneka n'komwe, ndipo iye ankafuna kuona nkhope ya munthuyo ndi maso ake. Loweruka lina anapita kumudzi, n'kupeza mayi ake akupalira pamanda a Emma. Pobwerera, ali pamwamba pa matumba a mpunga m'lole, nzeru inamufikira yokha, ndipo anaseka mpaka mayi woyandikana naye anasendera kutali.

Medson anavomereza zonse kutatsala sabata imodzi, n'kulamula kuti Lolemba asindikize komaliza. Lolembalo m'mawa a Mussa atapita kukagula mapepala, Elenala anatsegula fayilo. Sanasinthe liwu ngakhale limodzi. Anachonga kabokosi kolekanitsa masamba, ndipo manambala anatsala pa masamba a 1, 3, 5 okha, pamene malo a nambala pa masamba a 2, 4, 6 anakhala opanda kanthu chifukwa palibe amene anali atalembamo. Anachonga kotembenuza mpata wa m'mbali. Kabokosi ka tsamba loyamba ndiye kanafuna khama, chifukwa mutu uliwonse wa bukulo unali chigawo pachokha, ndipo kabokosiko kamagwira chigawo chimodzi basi. Kanali kochonga kale pa chigawo cha tsamba la pamwamba, monga mwa lamulo. Iye analowa mutu ndi mutu akuchonga, kuti tsamba lotsegulira mutu uliwonse litayenso nambala. Pa mutu uliwonse akanatha kuleka. Koma sanakayike, anachonga mitu yonse akukondwa.

Pulinta inalira m'mawa wonse. Anajambula makope ena awiri, n'kumanga mulu uliwonse ndi mphira. Medson anafika ali pachangu, galimoto ya kuntchito ikumudikira panja kuti apite kunyanja, kumene madzi anali atasefukira m'minda ya alimi ake. Anayang'ana tsamba la pamwamba, pomwe panali dzina lake, n'kulisisita. Anapinda ngodya ya mulu n'kuyendetsa masamba ndi chala, phrrr, manambala akuthwanima apo ndi apo. Munthu amene waliwerenga buku kasanu sawerenganso, amangolisisita. Anapita nayo miluyo kwa womata mabuku, n'kukwera galimoto.

Womatayo nyengo imeneyo amakhala ndi mabuku a ophunzira mpaka kudenga. Sawerenga za eni ake. Analinganiza masamba, kuboola, kusoka, kupaka guluu, kuika chikuto chakuda ndi zilembo zagolide, n'kutsendereza kuti ziume.

Lachisanu m'mawa Medson anatenga mabuku ake n'kupita nawo kukoleji. Zimene zinachitika kumeneko Elenala anazimva pambuyo pake kwa mesenjala wina. Mayi wolandira mabuku anatsegula pakati, n'kutsegula pena, n'kufunsa kuti tsamba 46 lili kuti. Zamkatimu zinkati tebulo lalikulu lili pa 46, koma m'buku lonse munalibe tsamba lolembedwa 46, kapena 48, kapena 50. Pena pomwe mutu umayambira pa tsamba la nambala yosagawika pawiri, masamba atatu ondondozana anali opanda nambala. Choipitsitsa chinali mpata uja. Pa masamba onse a 2, 4, 6 mpata waukulu unathawira kumanja, ndiye mawu anakankhikira kumsana kumene ulusi unadutsa. Kuti uwerenge zilembo zoyamba za mzere umachita kulikanula buku ngati ukung'amba nsomba, ndipo mayina a midzi m'matebulo anamezedwa theka. Mayiyo sanavutike n'komwe kudziwa chachitika, anati ndi timabokosi ta masamba, nkhani ya mphindi ziwiri pakompyuta. Koma kusindikiza, kujambula ndi kumata si mphindi ziwiri, ndipo buku losamata salandira. Anamubwezera mabuku ake mwaulemu.

Medson analowa mwa a Mussa ngati njati yolasidwa. Anaponya mabuku patebulo, n'kutukwana ofesi, makina, ndi atsikana a m'midzi amene amapatsidwa zinthu zoposa nzeru zawo. Anati akatsekera anthu m'chitokosi, amadziwana ndi akuluakulu. A Mussa nkhope inagwa. Chaka chimenecho eni makina ojambulira mapepala ankagona khutu lili kunja poti boma linkasaka ojambula makalata olitsutsa, ndipo munthu wotchula akuluakulu sumamuyankha. A Mussa anatsegula buku, n'kuzindikira nthenda ija ya lipoti la namwino, ndipo mwachifundo chawo anayamba kumuikira kumbuyo Elenala. Anati mtsikanayu zinamuchitikirapo kale, ndi ngozi ya makina, apepese basi, iwo asindikizanso ndi kumatitsa mwaulere.

Apa ndiye panali pothawira. Akanangogwetsa nkhope n'kuti pepani, ntchito ikanakhalapo, Medson akanataya chaka chake ndithu, ndipo palibe akanadziwa. Munthu wanzeru akanatero. Koma Elenala anaona kuti akapepesa, Medson achoka pano akudziwa kuti walakwiridwa ndi chitsiru, ndipo Emma akhalabe wosadziwika. Anaimirira, n'kukankhira mpando kumbuyo.

"Si ngozi, a Mussa. Ndinachonga dala, mutu ndi mutu." Kenako anatembenukira kwa Medson. "Ine ndine mwana wa a Bizweki Makisoni."

"Bizweki wake uti?" anafunsa Medson.

Anafunsa moona mtima. Elenala anamuuza zonse, osakweza mawu. Chingwe cha pamsika, njinga, bambo atagwada, mtengo wa mango, nzimbe. Anatchula mawu ake aja onena za chipatala. A Mussa anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira kapu yawo. Medson anayamba ndi kukana, kenako anati anali mwana, kenako anati ankangotsata zimene anauzidwa, ndipo pomaliza ananena chinthu chimene Elenala sadzamukhululukira ngakhale kumanda.

"Anthu amene tinkawabweza anali ambiri, mayi. Ndingawakumbuke bwanji onse?"

"Ameneyu mumukumbuka," anatero Elenala. "Dzina lake Emma. Anali ndi zaka zinayi. Aliyense akakufunsani chifukwa chake digiri yachedwa, muzikamuuza kuti ndi Emma Makisoni."

Kupolisi Medson sanapite. Mphepo ya dziko inali itayamba kutembenuka, anthu ankalankhula poyera za zipani zambiri, ndipo nkhani ya chingwe sinalinso nkhani yoti munthu wofuna mpando aidzutse yekha. Anatola mabuku ake n'kutuluka. A Mussa anatembenukira kwa Elenala. Anati akumva chisoni ndi mwanayo, Mulungu amuchitire chifundo, koma ofesi imadya chikhulupiriro cha anthu, ndipo sangasunge munthu amene amalipsira adani ake pa makina a eni ake. Ananena zoona, ndipo Elenala sanatsutse. Anafunditsa kompyuta nsalu yake, n'kutenga kapu yake yomwera tiyi ndi ambulera, n'kupita kudepoti.

Mbiri inafika m'maofesi onse a m'tauni iye asanafike kwawo, ndipo palibe anamulembanso ntchito. Mayi ake atamva analira, n'kumufunsa ngati Emma wadzuka. Mawu amenewo anamubaya Elenala. Kenako anatenga khasu la malemu bambo ake n'kulowa m'matope. Zala zimene zinazolowera makiyi zinang'ambika nyengo yoyamba, n'kulimba yachiwiri. Anakwatiwa mochedwa ndi msodzi wa pa chilumba cha Chisi, banja n'kutha, ana awiri n'kutsala naye. Pali masiku amene msana ukamuwawa amakumbuka kaofesi kaja ndi mphepo ya fani, ndipo sabisa kuti amakasowa.

Nanga Medson? Musayembekezere zoti anasauka, dziko silimayenda choncho. Mpando uja unapita kwa wina, inde, ndipo zinamuwawa. Koma thesisi anaisindikizanso kwina, digiri anailandira chaka chotsatira, ndipo patapita nthawi anapeza mpando wina, wonona kuposa woyambawo. Elenala anataya ntchito ya moyo wake wonse kuti amulande munthu chaka chimodzi. Azimayi anzake amamuuza kuti anagulitsa ng'ombe n'kugula nkhuku.

Koma pali chimene iye amachiona chimene iwo sachiona. Ntchito ya Medson imamubweretsabe kuno kunyanja. Amafika pa galimoto yoyera, kudzachititsa misonkhano ya alimi, ndipo ndi munthu wa pakamwa potsekemera, amapereka moni wa dzanja kwa aliyense, agogo ndi ana omwe. Msonkhano wake uliwonse Elenala amapita, ngakhale mbalame zikudya mpunga. Amakhala kutsogolo penipeni, miyendo atatambasula, osafunsa funso, kumangomuyang'ana. Medson akafika pa iye mawu amamuthawa, amayamba kufunafuna mapepala, amayang'ana kumitengo. Ulendo wina anatumiza dalaivala ndi thumba la feteleza, Elenala n'kulibweza pa galimoto pomwepo anthu akuona.

Msonkhano wa chaka chatha unali wa mbewu yatsopano. Medson ankalemba mayina a ofuna mbewuyo, aliyense akutchula lake. Atafika pa Elenala sanafunse. Anawerama n'kulemba, ndipo mlembi wa kalabu ya alimi amene anakhala pambali pake anamukoka jekete n'kumuuza kuti akonze, walakwitsa, mayiwa si a Emma.